Ndinajomba masiku atatu chifukwa cha maliro, lipoti ndilembe bwanji?

*Ndimagwira ntchito yosunga katundu pa sitolo ina ya zipangizo zomangira nyumba ku Lilongwe, chino n'chaka chachinayi. Lolemba usiku ndinalandira uthenga woti malume atisiya ku Ntcheu, ndipo ndinanyamuka m'bandakucha osauza aliyense kuntchito. Ndinakhalako masiku atatu, makiyi a mosungira katundu ali m'thumba mwanga. Lero Lachisanu abwana angoti, "Lemba lipoti, ndilipeze patebulo panga Lolemba." Mnzanga akuti ndigule kalata ya kuchipatala ndinene kuti ndimadwala malungo. Ndilembe chiyani kuti ntchito isandithere?* (Wowerenga wa ku Lilongwe)

Pepani ndi zovutazi, achimwene. Koma kalata ya kuchipatalayo musagule, ngakhale mnzanuyo atalipira yekha. Ife amene timakhala mu ofesi yoyang'anira antchito timalandira makalata otere kawirikawiri, ndipo sachedwa kuululika. Timaimba foni kuchipatala komwe kwadindako n'kufunsa ngati dzina lanu lili m'kaundula wa tsikulo. Timapempha buku lanu la kuchipatala n'kuona ngati zalembedwamo zikugwirizana ndi kalatayo. Nthawi zambiri sitivutika n'komwe, chifukwa maliro sabisika: wina pantchitopo wamva kale, kapena waona chithunzi cha nkhata pa WhatsApp panu, ndipo Lolembalo akubwera kudzakupepesani abwana ali pomwepo. Panopa mlandu wanu ndi kujomba, ndipo muli ndi chifukwa chomveka. Mukapereka pepala labodza, mlandu usanduka chinyengo, ndipo munthu wosunga makiyi a katundu akagwidwa ndi chinyengo palibe womuyankhulira. Kupereka chikalata chabodza ndi mlandu wa kupolisinso.

Chimene anthu ambiri sachiona polemba lipoti lotere n'chakuti pali nkhani ziwiri, osati imodzi. Yoyamba ndi yoti simunabwere kuntchito. Yachiwiri ndi yoti simunanene. Yoyambayo ili ndi chifukwa chimene Mmalawi aliyense amachimvetsa, abwana anunso anaikapo malume awo. Yachiwiriyo ilibe chifukwa, ndipo ndi imene yawapsetsa mtima. Lipoti labwino limalekanitsa ziwirizi. Limafotokoza yoyamba mwachidule, ndi umboni, kenako limavomera yachiwiri poyera, osaiphimba ndi chisoni cha yoyamba. Malipoti amene amagwetsa eni ake ndi aja amadzaza tsamba lonse ndi mbiri ya matenda a malemu, mmene analeredwera ndi malumewo, kuvuta kwa thiransipoti, koma osapezekamo chiganizo ngakhale chimodzi chonena kuti "sindinaimbe foni, ndipo ndinalakwa." Wowerenga akafika kumapeto amangoti, munthuyu sakuona cholakwa, ndiye kuti adzachitanso.

Ndi bwino mudziwe pamene mwaima pa malamulo musanagwire cholembera. Lamulo la Ntchito la chaka cha 2000, m'gawo 59, limalola wolemba ntchito kuchotsa munthu nthawi yomweyo, popanda notisi, pa zifukwa zingapo, ndipo chimodzi mwa izo ndi kujomba popanda chilolezo kapena popanda chifukwa chomveka. Choncho nkhaniyi si yaing'ono. Koma lamulo lomwelo, m'gawo 57, limati munthu asachotsedwe chifukwa cha khalidwe lake asanapatsidwe mpata wodziteteza. Abwana atati "lemba lipoti," dziwani kuti mpatawo wayamba. Pepala limeneli lilowa mu failo yanu, ndipo nkhani ikadzafika kwa a leba kapena kukhoti la milandu ya pantchito, ndi limene adzayambe kuwerenga. Lembani ngati mmene mungayankhulire pabwalo, mfundo iliyonse ikhale yoti mutha kuibwereza chaka chamawa osasintha.

Dziwaninso kuti lamuloli limatchula tchuthi cha pachaka, cha matenda ndi cha uchembere, koma za tchuthi cha maliro zimakhala m'mgwirizano wanu wa ntchito kapena m'buku la malamulo a kampani. Mawa Loweruka pezani bukulo muwerenge. Makampani ena amapereka masiku ochepa a maliro koma amatchula achibale ake: mwamuna kapena mkazi, ana, makolo, nthawi zina abale a bere limodzi. Malume kawirikawiri sapezeka pamndandandawo, ngakhale kwathu ku Ntcheu ndi madera ena a chikamwini malume ndiye mwinimbumba, ndipo mphwake sangamve uthenga n'kukhala m'tauni. Ngati ndi mmene zilili kwanu, chinenereni m'chiganizo chimodzi, chifukwa chimathandiza kuonetsa kuti ulendowo unali wofunika. Koma musalembe ngati kuti masikuwo anali anu mwaufulu pamene buku silikutero. Muonenso ngati bukulo lili ndi ndime yonena kuti wojomba masiku akutiakuti motsatizana osanena amatengedwa ngati wathawa ntchito. Ngati ilipo, lipoti lanu linene momveka kuti munabwerera nokha Lachisanu m'mawa ndipo munalibe maganizo osiya ntchito.

Tsopano za foni, chifukwa ndikudziwa kuti mukuganiza zolemba kuti inathima kapena kumudzi kunalibe netiweki. Aliyense amalemba zimenezo. Funso limene lidzabwere ndi losavuta: uthenga wa maliro munaulandira pa chiyani? Ngati unabwera pa foni Lolemba usiku muli ku Lilongwe, ndiye kuti foni inali yoyaka ndipo netiweki inalipo. Kuchoka pa depoti mpaka ku Ntcheu ndi ulendo wa maola awiri kapena atatu pa msewu waukulu, netiweki ikugwira pafupifupi njira yonse. Pamaliropo panali anthu ambirimbiri okhala ndi mafoni. Ndipo ngati munalandira kapena kutumiza ndalama pa Mpamba kapena Airtel Money masiku amenewo, kapena munayankha uthenga wa mnzanu wa pantchito, bodzalo latha pomwepo. Ngati foni inathimadi Lachitatu, nenani kuti inathima Lachitatu, n'kuwonjezera kuti Lachiwiri lonse inali yoyaka ndipo simunaimbe. Choona chenicheni nthawi zambiri chimakhala chakuti mutu unabalalika, tsiku loyamba linadutsa, ndipo lachiwiri munachita mantha kuimba chifukwa munali mutachedwa kale. Zimenezo n'zomveka kwa munthu aliyense, ndipo palibe angazitsutse ndi umboni.

Musanalembe, fufuzani chimene chinachitika inu kulibe. Funsani anzanu modekha: Lachiwiri anatsegula nthawi yanji, anatsegula bwanji, ndani anagwira ntchito yanu, pali kasitomala amene anabwerera, mabuku a katundu analembedwa kapena ayi? Popanda kudziwa zimenezi kupepesa kwanu kukhala kwa m'mwamba, ndipo simungalonjeze kukonza chimene simukuchidziwa. Tiyerekeze kuti mwapeza zotere: anadikira mpaka 11 koloko m'mawa, kenako anadula loko, lole ya simenti inaima panja maola atatu, mnzanu wa pakauntala ndiye amatulutsa katundu masiku onse atatu, akulemba pa mapepala apadera chifukwa sadziwa kalembedwe ka makhadi anu a katundu. Tiyerekezenso kuti mumalandira K208,000 pamwezi ndipo mumagwira ntchito masiku 6 pa sabata. Lipoti likhoza kuoneka motere, inu musinthe masiku ndi mfundo kuti zigwirizane ndi zanu.

> Kwa: Manijala
> Kudzera kwa: Kapitawo wa mosungira katundu
> Tsiku: Lolemba, 17 Malichi
>
> Bwana,
>
> KUJOMBA KUNTCHITO KUYAMBIRA PA 11 MPAKA PA 13 MALICHI
>
> Ndikulemba potsatira zimene munandiuza Lachisanu pa 14 Malichi. Sindinabwere kuntchito Lachiwiri pa 11, Lachitatu pa 12 ndi Lachinayi pa 13 Malichi, ndipo ndinabwerera ndekha Lachisanu m'mawa.
>
> Lolemba pa 10 Malichi cha m'ma 10 koloko usiku ndinalandira uthenga woti malume anga amwalira kumudzi kwathu ku Ntcheu. Iwo ndiwo anali mwinimbumba wathu, ndipo ine ndinali m'gulu la oyendetsa mwambo. Ndinanyamuka Lachiwiri m'bandakucha. Tinaika maliro Lachitatu, ndipo Lachinayi ndinakhala nawo pa zokambirana za banja. Ndaphatikiza kalata ya a nyakwawa yotsimikizira zimenezi.
>
> Kulakwa kwanga n'kwakuti sindinakudziwitseni inu kapena akapitawo, chonsecho mpata woimba foni ndinali nawo. Ndinalakwanso kupita ndi makiyi a mosungira katundu. Ndamva kuti chifukwa cha zimenezi munadula loko Lachiwiri, lole ya simenti inachedwa kutsitsa, ndipo mnzanga anagwira ntchito ziwiri masiku atatu. Ndikupepesa kwa inu ndi kwa iye.
>
> Pofuna kukonza, ndikupempha kuti mundilole kuchita izi. Ndilowetsa m'makhadi katundu yense amene anatuluka ndi kulowa masiku atatuwo, n'kuwerenga simenti, malata ndi penti pamodzi ndi akapitawo, ndipo ndikupatsani zotsatira pofika Lachinayi pa 20 Malichi. Loko ndigula ndine. Masiku atatuwo ndikupempha kuti achotsedwe pa tchuthi changa cha chaka chino, ndipo ngati sizingatheke ndikumvetsa kuti sindilandira malipiro a masikuwo. Mtsogolo muno, vuto ladzidzidzi likandigwera ndidzaimbira akapitawo isanakwane 7 koloko m'mawa, ndikapanda kuwapeza ndidzatumiza uthenga kwa inu, ndipo sindidzatuluka mu Lilongwe ndi makiyi.
>
> Pa zaka zimene ndagwira ntchito pano sindinajombepo chonchi. Ndine wokonzeka kudzafotokoza pamaso panu nthawi iliyonse imene mungandiitane.
>
> Ine wanu,
> (dzina, udindo, siginecha)

Onani kutalika kwake. Silikudutsa tsamba limodzi, ndipo ndime ya maliro ndi yaifupi kuposa ndime ya kukonza. Ndi dala. Abwana amene akuwerenga ali ndi mafunso anayi okha m'mutu: unali kuti, unalekeranji kunena, ukudziwa chimene chinaonongeka, nanga ndikakusiya ndidzadulanso loko? Chilichonse chosayankha limodzi mwa mafunso amenewa chichotseni. Ngati pakampani panu malipoti amalembedwa m'Chingerezi, lembani m'Chingerezi chophweka, mfundo zake zomwezi, ndondomeko yake yomweyi. Musapite kwa munthu wolemba makalata kuti akukometsereni ndi mawu akuluakulu amene inu simuwayankhula. Tsiku lokufunsani mafunso adzakuwerengerani chiganizo chanu chomwe, ndipo muyenera kudziwa chimene chikutanthauza.

Ndime yovomera kulakwa ndi imene imafuna dzanja lokhazikika, chifukwa anthu amagwa mbali ziwiri. Ena savomera kanthu, ena amavomera zonse. Woopa kuchotsedwa amalemba kuti "ndine munthu wosasamala," "ndakhala ndikukukhumudwitsani," "ndilandira chilango chilichonse chimene mungandipatse." Akuganiza kuti akudzichepetsa, koma akudzilembera yekha chigamulo. Gawo 59 lomwe lija limatchulanso kunyalanyaza ntchito mwachizolowezi ngati chifukwa china chochotsera munthu, ndiye mukalemba nokha kuti ndi khalidwe lanu, mwawapatsa mlandu wachiwiri umene analibe. Ndipo "chilango chilichonse" chikuphatikizapo kuchotsedwa. Vomerani zinthu zimene munachita, ndi masiku ake: sindinaimbe, ndinapita ndi makiyi. Musavomere zimene simukuzidziwa. Ngati mutawerenga katundu papezeka kuti matumba 5 a simenti sakuoneka, imeneyo ndi nkhani ina yofunika kufufuza kwake, popeza masiku atatuwo m'nyumbamo munkalowa anthu ena loko atadula. N'chifukwa chake m'lipotilo ndalemba kuti muwerenge katundu pamodzi ndi akapitawo, osati nokha, ndipo musalembe paliponse kuti chilichonse chosowa mudzalipira.

Mbali inayo ndi ya mawu aja "koma" ndi "ngati." "Ndikupepesa ngati ndinalakwa." "Ndinalakwa, koma kampani inayenera kukhala ndi makiyi ena." Zoona, sitolo imene ili ndi kiyi mmodzi yekha wa mosungira katundu ikusewera ndi moto, ndipo ineyo ndikanakhala abwana anu ndikanachita manyazi pang'ono. Koma lipoti lanu si malo ophunzitsira abwana ntchito yawo. Nkhani ikazizira, patapita sabata ziwiri kapena zitatu, mutha kupereka ganizo loti kiyi wina azikhala mu ofesi. Panopa lonjezani za m'manja mwanu zokha.

Za kukonzazo, muyezo wake ndi umodzi: kodi Lachinayi likudzalo abwana angathe kuona ndi maso kuti chachitika kapena sichinachitike? "Ndidzalimbikira ntchito" sichioneka. "Makhadi akhala atalembedwa pofika pa 20" chimaoneka. Musalonjezenso kuti simudzajombanso, chifukwa chakudza sichiimba ng'oma, ndipo maliro ena adzabwera. Chimene mungalonjeze ndi ola loimbira foni, munthu womuimbira, ndi kumene makiyi adzatsale. Ikani tsiku limene mungakwanitsedi. Lonjezo loyamba mukaliphonya, lipoti lonselo limasanduka umboni wokutsutsani.

Pa ndalama, dziwani malire kuti musapereke zopitirira. Gawo 56 limaletsa wolemba ntchito kulipiritsa wantchito chindapusa, koma limamulola kusalipira masiku amene munthu anajomba popanda chilolezo komanso popanda chifukwa chomveka. Pa chitsanzo chathu chija, makampani ambiri amagawa malipiro a pamwezi ndi masiku 26 kwa wogwira masiku 6 pa sabata. K208,000 kugawa ndi 26 ndi K8,000 pa tsiku, masiku atatu ndi K24,000. Ngati wina atati adula theka la malipiro a mwezi "kuti uphunzire," chimenecho ndi chindapusa, osati kusalipira masiku ojomba. Pempho lochotsa masikuwo pa tchuthi ndi njira yabwino kwa inu ngati masiku alipo; lamulo limapereka masiku osachepera 18 pachaka kwa wogwira masiku 6 pa sabata, ndi 15 kwa wogwira masiku 5. Koma limeneli ndi pempho, abwana atha kukana, n'chifukwa chake lalembedwa mopempha. Loko ndi chinthu chaching'ono chimene mukudzipereka nokha, ndipo chimayankhula kwambiri kuposa mtengo wake. Za lole yochedwa musatchule ndalama, simukudziwa ngati kampani inalipira kanthu.

Chiganizo cha m'ndime yomaliza chija, choti simunajombepo chonchi, chilembeni pokhapokha ngati n'choona. Failo yanu ili m'kabati yawo. Chikakhala choona n'chamtengo wapatali, chifukwa gawo 56 limati poona ngati chilango chili choyenera aziganizira kukula kwa cholakwa, udindo wa munthuyo, chimene chaonongeka, khalidwe lake la m'mbuyo ndi zimene zinamuchitikira. Zaka zitatu ndi miyezi popanda kalata yochenjeza ndi chuma chanu chachikulu pa nkhaniyi. Ngati munalandirapo chenjezo, kaya la kuchedwa, musalitchule ndipo musalikane. Ingochotsani chiganizocho.

Umboni wa maliro si wovuta. Kalata ya a nyakwawa kapena a gulupu yokhala ndi chidindo imakwana m'makampani ambiri. Ngati malemu anamwalirira kuchipatala, kope ya pepala la imfa ndi yabwino koposa, kapena kalata ya abusa kapena ansembe amene anatsogolera mwambo. Poti muli ku Lilongwe ndipo Lolemba layandikira, uzani m'bale kumudzi akatenge kalatayo mawa, aijambule n'kukutumizirani, yeniyeniyo ibwere pambuyo. Ikakanika kufika, musachedwetse lipoti. Sinthani chiganizocho chikhale choti kalata ya a nyakwawa muipereka pofika tsiku lakuti. Kuchedwa ndi lipoti la kujomba kuli ngati kujombanso kachiwiri. Ndipo onetsetsani kuti masiku a pa kalatayo akugwirizana ndi anu. Ngati maliro anaikidwa Lachitatu, wina adzafunsa za Lachinayi, n'chifukwa chake m'chitsanzomo tsikulo lafotokozedwa palokha.

Lolemba fikani msanga, makope awiri m'manja. Perekani nokha, pamanja, osati kusiya patebulo kapena kutuma mnzanu. Nenani mawu ochepa: "Bwana, lipoti lija ndi ili, ndipo ndikupepesa chifukwa chosakuuzani." Pemphani mwaulemu kuti iwo kapena alembi asaine pa kope yanu ndi kulembapo tsiku. Ena amaona ngati kupempha zimenezi n'kuderera, koma ndi mmene maofesi amayendera, ndipo kope imeneyo ndi yokhayo idzaonetse kuti munayankha pa nthawi yake. Mnzanu wa pakauntala uja mukamupepese pakamwa, payekha. Akapitawo akamafunsidwa maganizo awo, amamvera kaye mmene anzanu akuyankhulira za inu.

Zimene zingatsatire ndi zingapo. Akhoza kungokudzudzulani pakamwa, akhoza kukupatsani kalata yochenjeza, kukuimitsani kwa masiku, kapena kukuitanani kubwalo la kampani kuti mukayankhe mlandu. Pa cholakwa choyamba, chokhala ndi maliro enieni komanso lipoti lovomera, chimene ndimaona kawirikawiri ndi kalata yochenjeza ndi kudulidwa masiku, ngakhale sindingakulonjezeni, makamaka chifukwa cha makiyiwo. Kalata yochenjeza ikabwera, iwerengeni musanasaine. Ngati ikunena zimene munachitadi, sainani. Ngati yawonjezera zina, monga kuti ndi kachitatu kapena kuti katundu anasowa chifukwa cha inu, lembani pafupi ndi siginecha kuti mwalandira koma mfundo yakutiyakuti simukugwirizana nayo. Mukaitanidwa kubwalo, pemphani kuti mlandu aulembe papepala, funsani ngati mungabwere ndi mnzanu wa pantchito kapena wa bungwe la antchito ngati lilipo, ndipo kanenani zomwe zili m'lipoti, osawonjezera nkhani yatsopano.

Chimodzi chokha mukane ngakhale atakunyengererani bwanji: kulemba kalata yosiya ntchito nokha "kuti mbiri yanu isaipe." Mukatero zimavuta kwambiri kudzadandaula pambuyo pake, chifukwa pepala lidzaonetsa kuti munachoka mwakufuna kwanu. Ngati atakuchotsani, pemphani kalata yonena chifukwa chake. Gawo 62 limakupatsani miyezi itatu kuchokera tsiku lochotsedwa kuti mukadandaule kwa mkulu wa leba wa m'boma lanu, ndipo kumeneko wolemba ntchito ndi amene ayenera kuonetsa chifukwa chake ndi kuti anachita mwachilungamo. Mukapite ndi kope yosainidwa ija, kalata ya a nyakwawa, mgwirizano wanu wa ntchito ndi mapepala a malipiro a miyezi yapitayi.